Musanadulitse banga lija, yambani mwaona makutu anu

"Abale ndithandizeni. Ndili ndi banga lakuda lobadwa nalo m'munsi mwa tsaya chakuchibwano, anthu amandidziwira lomweli mpaka ena analisandutsa dzina langa. Ndikufuna kulichotsa koma mayi akukana, akuti sindidzakhalanso ine. Ndichotse kapena ndisiye? Nanga njira yabwino ndi iti?"

Asisi, za mayi ine sindilowererako, mukambirana nokha awiri. Ine ndingonena za mpeni chifukwa ndi zomwe ndinaziona ndi maso pa mng'ono wanga.

Banga lakuda ngati limeneli nthawi zambiri limakhala lozama, si utoto wapamwamba ayi, ndiye akati akulichotsa ndiye kuti akudula khungu lonselo n'kusoka. Komanso sadula mozungulira. Amadula motalika ngati tsamba kuti m'mbali mugwirane bwino posoka, ndipo mzere wake umatalika pafupifupi katatu kukula kwa bangalo. Banga la masentimita 2 likusiyirani mzere wa masentimita 6 kapena kuyandikira pamenepo. Ndiye funso lenileni ndi lakuti mukufuna anthu azikudziwirani banga kapena chipsera, pakuti malowo sadzakhala ngati panalibe kanthu, amene akukulonjezani zimenezo akungofuna ndalama zanu.

Tsono vuto lalikulu ndi keloyidi, zipsera zofufuma zolimba zija. Ife akhungu lakuda zimatikonda kwambiri, ndipo malo ake ndi makutu, pachifuwa, mapewa, kumsana chakumtunda ndi m'mbali mwa chibwano, ndendende pamene mwanenapo. Mng'ono wanga lake linali pomwepo. Anakadulitsa pa kachipatala kena, amene anamudulayo sanamufunse n'komwe kuti mabala ake amapola bwanji, chonsecho mwanayo anali kale ndi kachotupa kolimba kukhutu pamene anaboola ndolo. Ulusi atachotsa zinkaoneka bwinobwino, tonse kumuyamikira. Patapita miyezi ingapo mzere uja unayamba kuyabwa, kenako kukwera, kunyezimira, mpaka kudutsa malire a pamene anadula. Chizindikiro chake ndi chimenecho. Chipsera chongofufuma wamba chimakhala m'malire a bala ndipo chimaphwa chokha pang'onopang'ono, pomwe keloyidi imalowerera khungu labwinobwino ndipo sibwerera yokha. Mng'ono wangayo anafuna kukadulitsanso koma dokotala wa khungu amene tinamupeza pambuyo pake anakana, akuti keloyidi ukangoidula popanda chithandizo china imabweranso, nthawi zina yokulirapo. Anamuyamba majakisoni a siteroyidi obaya m'chipseramo, kamodzi pa masabata 4 mpaka 6, owawa zedi, kuphatikizapo kumata kapulasitala ka silikoni pachipserapo maola osachepera 12 tsiku lililonse. Chinaphwako ndithu, kuyabwa kunatha, koma malowo anayererako kuposa khungu lina ndipo pano anthu amene kale sankafunsa kanthu amamufunsa kuti anamutema ndani. Ndalama za majakisoniwo zinaposa za opaleshoni.

Ndiye musanapite kulikonse dziyang'aneni nokha. Pamene munaboola makutu, pakatemera paphewa, ziphuphu zakale za pachifuwa, zinapola mosalala? Funsaninso kwanu ngati alipo amene ali nazo, chifukwa zimayenda m'magazi. Mukapeza chofufuma olo chimodzi, ine ndingati lisiyeni bangalo. Mukapeza zonse zili bwino pitani kwa dokotala wa khungu, ndipo akapanda kukufunsani za zimenezi asanatchule tsiku, nyamukani muzipita. Mudziwenso kuti chipsera chimatenga chaka mpaka chaka ndi theka kuti chikhazikike, miyezi yoyambayo chimaoneka kwambiri kuposa banga lija.

Awo akulemba kuti "kangopangitsani leza basi" ndikukayika ngati anaionapo. Pa khungu lakuda leza, makina aja ochotsa mabanga ndi kuwala kwamphamvu, imatha kusiya malo oderapo kapena oyereratu, ndipo banga lozama limabwereranso. Odziwa ntchito amayamba ayesa pakamalo kakang'ono n'kudikira masabata angapo. Za mafuta oyeretsa khungu musayese dala, amayeretsa khungu lozungulira banga n'kulisiya likuonekera patali. Nawonso aja akuti muwotche ndi asidi, chonde, limenelo ndi bala lamoto pankhope.

Kanthu kena kosavuta, gulani zodzola zophimba zija zofanana ndi khungu lanu muzibisa bangalo kwa masabata awiri kapena atatu, kuntchito ndi kwina konse, mudzijambule. Ena amamva kupepuka, ena akaona chithunzicho amachita ngati akuona mlendo n'kusintha maganizo.

Koma ngati bangalo layamba kukula msanga, kusintha mtundu, kutuluka magazi kapena kuchita chilonda chosapola, zonse ndanenazi ziiwaleni, pitani akalione sabata yomwe ino ndipo akalidula muumirire kuti kachidutswako akakayeze ku labu.