Mwana wa miyezi inayi wayamba kudzukadzuka usiku

"Achemwali, ndithandizeni. Mwanayu ankagona bwinobwino mpaka cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, koma chikwanireni miyezi inayi akudzuka pafupifupi ola lililonse. Kodi mkaka wanga wachepa, kapena akudwala? Ndatopa zedi."

Eee mng'ono wanga, ndamva uthenga wako, pepa kwambiri. Ndati ndingoyankhula chifukwa kulemba zonsezi sindingathe. Ngati uli naye m'manja mwanayo, khala pansi kaye uzimvetsera pang'onopang'ono.

Ndiyambe ndi za mkakazo chifukwa ndikudziwa kuti ndi zimene zikukudya mumtima. Ngati akunyowetsa matewera asanu ndi limodzi kapena kuposa apo pa tsiku, kusikelo akukwera, masana akuseka ndi kusewera, ndiye kuti mkaka ukukwana. Bere likafewa pa miyezi imeneyi sikuti lauma ayi, thupi langozolowera kupanga mlingo umene mwana akufuna. Chimene chasintha ndi tulo take, ndipo zimachitikira ana ambiri pakati pa miyezi itatu ndi isanu.

Tamvera mmene zimakhalira. Khanda longobadwa kumene limakhala ndi tulo ta mitundu iwiri yokha, tina tophiriphitha, timene amamwetulira ndi kugwedeza timanja ali mtulo, ndi tina tabata. Akamafika miyezi inayi ubongo umakhwima, tulo take timayamba kufanana ndi tathu akuluakulu. Amayamba ndi tulo topepuka, n'kulowa tulo tofa nato, kenako n'kubwereranso kumtunda, ndipo ulendo umodzi woterewu umatenga mphindi 45 mpaka ola limodzi. Pamapeto pa ulendo uliwonse amatsitsimuka pang'ono. Ngakhale iwe ndi ine timatero usiku uliwonse, timatembenuka, kukonza pilo, n'kupitiriza, m'mawa osakumbuka n'komwe.

Ndiye nkhani yagona apa. Akatsitsimuka choncho, amaona ngati zinthu zili mmene zinalili pamene tulo timamutenga. Taganiza iweyo utagona pabedi pako, pakati pa usiku n'kupezeka uli pansi pabalaza. Sungangotembenuka n'kupitiriza, ungadzuke ndithu kufuna kudziwa chachitika n'chiyani. Mwananso chimodzimodzi. Tulo tamupeza ali m'manja mwako, bere lili m'kamwa, akumva kufunda kwako. Patha ola watsitsimuka, ali yekha, bere palibe, manja palibe. Amalira kuti zibwerere zimene anagona nazo, chifukwa njira yolowera mtulo imene akuidziwa ndi yokhayo. Sikuti wamulera molakwika. Miyezi itatu yoyambayo njira imeneyi inali yoyenera ndithu, kungoti tsopano tulo tasintha.

Utayang'anitsitsa uona kuti chigawo choyamba cha usiku amagonako ndithu, maola awiri kapena atatu, mavuto amayamba kukamapitirira pakati pa usiku. N'chifukwa choti tulo tofa nato timachuluka kumayambiriro, kukamayandikira kucha timatsala topepuka. Masananso uona kuti akungogona mphindi 30 kapena 40 n'kudzuka. Ukaona zizindikiro ziwirizi, dziwa kuti ndi zomwe ndikunenazi.

Ndisakunamize kuti tulo take tibwerera mwakale, chifukwa kusinthaku n'kwa moyo wonse. Chimene chimatha ndi kudzukadzukako, akaphunzira kulumikiza ulendo wina ndi unzake. Ana ambiri zimawatengera milungu iwiri mpaka isanu ndi umodzi. Ena zimapitirira ngati magonekedwe sanasinthe.

Ndikuuze za wanga wachiwiri uja, chifukwa ndi amene anandiphunzitsa. Ndinkamugoneka cha m'ma 9 koloko usiku, nthawi zonse pabere. Amadzuka 11, kenako 12, 1, 2, mpaka kucha. Ndinatenga kapepala n'kumalemba masiku atatu nthawi imene wagona, imene wadzuka, ndi mmene wayamwira. Ndinapeza zinthu ziwiri. Madzulo amakhala maso kuyambira 5 koloko mpaka 9, maola anayi athunthu, pomwe mwana wa msinkhu umenewu amatopa pakatha ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. Chachiwiri, pa maulendo asanu ndi awiri amene amadzuka, amayamwa zenizeni kawiri kokha. Enawo amangonyambita mphindi ziwiri n'kugona.

Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Wanjala amakoka mwamphamvu, umamva akumeza, amatha mphindi zingapo ndipo bere limapepuka. Wofuna tulo amangogwedeza milomo, sameza kwenikweni, maso atseka kale.

Choyamba chimene ndinasintha ndi nthawi. Ndinayamba kumugoneka cha m'ma 7 koloko, ndipo masana sindinkalola kuti adutse maola awiri ali maso. Anthu amaganiza kuti ukamutopetsa kwambiri agona nthawi yaitali, koma zimakhala zosiyana. Mwana wotopa mopitirira amavuta kugona, amalira mopinda msana, ndipo amadzuka pafupipafupi. Usadikire kulira. Ukaona wayamba kuyang'ana malo amodzi, akuyasamula, akutikita m'maso, akutembenuzira nkhope kumbali ukamamuseweretsa, nthawi yakwana.

Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu, ndinasuntha bere. M'malo moti likhale lomaliza, ndinalibweretsa koyambirira. Kuyamwitsa kaye nyali ikuyaka, kenako kumusintha thewera ndi zovala, kuzimitsa nyali, kanyimbo kamodzi komweko tsiku lililonse, n'kumuika pogona pake maso akulemera koma asanagoneretu. Zonsezi mphindi 20 zokha. Usiku woyamba analira nditangomuika. Sindinamusiye, ndinaika dzanja pachifuwa pake n'kumamusisita ndikunena kuti shiii. Atakweza kulira ndinamunyamula, atatonthola ndinamubwezera. Ndinachita zimenezi mwina kasanu ndi kamodzi, zinatenga mphindi 40. Usiku wachitatu zinatenga mphindi 15. Sabata itatha ankadzuka katatu, sabata yachiwiri kawiri, ndipo maulendo awiriwo anali anjala yeniyeni, ndinkamuyamwitsa ndi mtima wonse.

Usayese kukonza zonse nthawi imodzi. Yamba ndi kugona koyamba kwa madzulo kokha, chifukwa pamenepo tulo timakhala tamugwira kwambiri ndipo iwenso ukadali ndi mphamvu. Za 3 koloko usiku chita chilichonse chimene chingakugonetseni nonse. Ndipo tsiku limene zakanika, walira mpaka waona kuti sizikuyenda, munyamule, muyamwitse, mawa udzayesanso. Pa miyezi inayi akadali wamng'ono, ena amagwira msanga, ena mpaka miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Sindikukuuza kuti uzimusiya azilira yekha ayi.

China chimene ndinazindikira mochedwa n'chakuti si phokoso lililonse limene lili kudzuka. Ana amabuula, kung'ung'udza, kutukula miyendo, ngakhale kulira kamodzi kawiri ali mtulo. Ine ndinkathamangira kumunyamula, potero ndinkamudzutsa ndine. Ukamva wayamba, werenga chamumtima mpaka 60 ukumuyang'ana. Maso akakhala otseka, musiye. Nthawi zambiri uona wabwerera yekha.

Za masana ndinene pang'ono. Pa msinkhu uwu amayamba kuona patali ndi kuchita chidwi ndi chilichonse, ndiye akamayamwa munthu akangoyankhula amasiya bere n'kucheuka. Mapeto ake masana sakhuta, amadzabwezera usiku. Uzimuyamwitsira malo abata. M'mawa mutulutse aone kuwala, usiku kukhale mdima, ukamamuyamwitsa osamuyankhulitsa, osayatsa nyali yowala kapena kumuunikira ndi foni. Thupi lake layamba kupanga melatonini, timadzi timene timabweretsa tulo kukada, ndiye kuwala ndi mdima zimaliphunzitsa nthawi.

Tsopano pali amene akuuze kuti mwanayo sakukhuta, umuyambitse chakudya kapena madzi. Chonde usatero. Mpaka miyezi isanu ndi umodzi, mkaka wokha basi. Chakudya sichithetsa kudzuka kumeneku chifukwa gwero lake si m'mimba. Mankhwala ogonetsa, kaya a chimfine amene amabweretsa tulo, usamupatse ngakhale kadontho, ndi oopsa kwa khanda. Ena anena kuti ndi mano poona dovu ndi zala m'kamwa, koma ana a miyezi inayi amatero ngakhale mano asanayandikire, ambiri amamera cha m'ma miyezi isanu ndi umodzi.

Ichi chokha ndikupempha uchigwire ndi manja awiri. Nthawi imeneyi ndi imene amayamba kugubuduka. Ngati umamukulunga manja m'kansalu pogona, siya ukangoona akuyesa kutembenuka, chifukwa akagwa chafufumimba manja ali omangika sangathe kudzutsa mutu. Nthawi zonse uzimugoneka chagada, pamalo olimba ndi osalala, popanda pilo, zidole kapena bulangete lomufika kumaso. Akadzatha kutembenuka yekha mbali zonse ziwiri, ukhoza kumusiya mmene wadzigonekera, koma poyamba pomwe ndi chagada. Ndipo ukatopa kwambiri usamuyamwitsire pasofa kapena pampando, poti tulo tikakuba pamenepo mwana akhoza kupanikizika. Bola pabedi, utachotsa mapilo ndi zofunda pafupi naye, ukadzidzimuka n'kumubwezera pake.

Koma ukaona thupi latentha kufika madigiri 38, akukana kuyamwa, matewera akuuma, akupuma mothamanga kapena nthiti zikulowa m'kati, akusanza chilichonse, wafooka moti akuvuta kudzutsa, kapena kulira kwake n'kwachilendo kosatonthozeka ngakhale uli naye m'manja, zimenezo si za tulo. Pita naye kuchipatala nthawi yomweyo, usadikire kuche. Akakhala kuti kusikelo sakukwera, kawafotokozere azaumoyo amuone.

Bambo ake amvetsere uthengawu nawonso. Maulendo amene si anjala aja akhoza kumamutonthoza iwowo, ndipo nthawi zina mwana amagona msanga m'manja mopanda fungo la mkaka. Mugawane, iwe ugone kuyambira 8 mpaka 12 osadzutsidwa, maola anayi olumikizana amasintha munthu. Yamba kulemba kapepala kaja usiku uno, nthawi yogona, yodzuka, ndi ngati wameza kapena wangonyambita. Pakatha masiku atatu undijambulire unditumizire, tidzaone limodzi poyambira.