Mpamba wa geni ya ku Milange uyambire pa peyisilipi

"Mayi, ndimagwira ntchito pa esiteti ya tiyi ku Thyolo ndipo ndikufuna kuyamba kupikula katundu ku Milange ngati inu. Geni imeneyi imayenda bwanji? Peyisilipi yanga ya Febuluwale 2025 ikuti besiki K300,000, ovataimu K40,000, adivansi K20,000, koma ndinalandira K227,500. Kodi mpamba ungatuluke pamenepa?"

Mwanangu, za njira ya pa Muloza ndi malo opikulira ndidzakusonyeza tsiku lomwe tidzawolokere limodzi. Lero tikhale pa pepala lakoli, chifukwa ine ndimalipira dalaivala ndi mtsikana wa mushopu pa Limbuli mwezi ndi mwezi, ndipo ndalama walandirayo sikugwirizana ndi masamu omwe ndimawadziwa.

Yamba ndi kuphatikiza zonse zomwe wagwirira. Besiki ndi ovataimu zikupanga K340,000, ndiye malipiro onse asanadule kanthu. Msonkho wa PAYE, womwe abwana amadula n'kukapereka ku MRA, umawerengedwa pa ndalama yonseyi, koma m'magawo. Malinga ndi magawo omwe anayamba mu Epulo 2024, omwenso ankagwira ntchito mwezi wa pepala lakoli, K150,000 yoyamba sidulidwa msonkho, ndipo K350,000 yotsatira imadulidwa 25 peresenti. Ndiye chotsa K150,000 pa K340,000, itsala K190,000. Gawa panayi, upeza K47,500. Msonkho wako ndi umenewo. Boma limasintha magawowa pa bajeti, choncho pepala la mwezi wina uliwerengere ndi magawo a nthawi yakeyo.

Penshoni ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka. Lamulo limati wantchito aziika zosachepera 5 peresenti, ndipo olemba ntchito aziika zosachepera 10 peresenti kuchokera m'thumba mwawo. Zonsezi zimawerengedwa pa malipiro okhazikika, osati pa ovataimu yomwe mwezi uno ilipo mwezi wa mawa palibe. Kwa iwe, 5 peresenti ya K300,000 ndi K15,000. Gawo la abwana ndi K30,000. Nthawi zina limalembedwa pa peyisilipi kuti ulione, koma silichoka pa malipiro ako. Chimodzimodzinso ndalama ya TEVET yothandizira maphunziro a ntchito zamanja, yomwe ndi 1 peresenti, amalipira ndi abwana.

Tsopano tichotsere. Pa K340,000 chotsa K47,500 ya msonkho ndi K15,000 ya penshoni, itsala K277,500. Chotsanso adivansi ya K20,000, itsala K257,500. Imeneyi ndiyo inayenera kufika m'manja mwako, kutanthauza kuti yaperewera K30,000.

Taona kukula kwa ndalama yosowayo. Ikufanana ndendende ndi gawo la abwana la penshoni. Ine ndikaona kusiyana kotere ndimayamba kuganiza kuti kalaliki waika 15 peresenti yonse kumbali ya zodula. Zinandichitikirapo ine mwini pomwe ndinkayamba kulipira dalaivala wanga: ndinamudula zonse miyezi iwiri mosadziwa, ndipo ndinamubwezera nditapepesa. Yang'ana mzere wa penshoni. Ukapeza K45,000, vuto ndi lomwelo. Ukapeza K15,000, ndiye pali china chomwe chadulidwa, mwina ngongole ya ku SACCO kapena ya kusitolo ya pa esiteti, ndipo uli ndi ufulu wofunsa kuti akuonetse pomwe unasayina. Pita ku ofesi ya malipiro ndi masamu ako olembedwa papepala, mwaulemu, utatenganso mapeyisilipi a miyezi yapitayo. Pemphanso sitetimenti ya ndalama zako ku kampani yosunga penshoni, uone ngati K45,000 ikufikadi kumeneko mwezi uliwonse. Zikakanika, ofesi ya zantchito ya paboma ilipo.

Pa nkhani ya mpamba, usawerengere K277,500 ija ngati ndalama ya mwezi uliwonse. Febuluwale ndi nthawi ya mvula, tiyi amaphuka kwambiri ndipo ovataimu imapezeka. Ikafika Julaye masamba amachepa. Popanda ovataimu, potengera magawo a msonkho a Febuluwale 2025 aja, msonkho wako ndi K37,500, penshoni ikadali K15,000, ndipo utsala ndi K247,500. Waonanso kuti pa K40,000 ya ovataimu, yako ndi K30,000 yokha, inayo yapita ku msonkho.

Choncho ukamaganiza zotenga ngongole ya geni, yambira pa K247,500. Chotsa chakudya, fizi ya ana ndi zina za pakhomo, ndipo yotsalayo ndiyo ungalonjeze kubweza pamwezi. Kumbukira kuti katundu wa ku Milange sagulidwa pa mtengo wa m'sitolo wokha. Pali kusintha kwacha kukhala metikali, thiransipoti, ndi msonkho wa pa boda, ndipo ulendo woyamba katundu amachedwa kutha chifukwa makasitomala sanakudziwe. Ntchito usaisiye msanga. Kakonze kaye za K30,000 ija, kenaka ubwere Loweruka ndi mapeyisilipi atatu tidzawerengere limodzi.