Nyemba ndi nyama yolimba mu poto wa pulesha: kuwerenga nthawi kuti chakudya chamadzulo chisachedwe

"Ndili ku Nkhotakota, pabanja tilipo 7, ndipo ndimaweruka 5 koloko madzulo. Ndinagula poto wa pulesha wa malita 6 kuti nyemba ndi nyama ya mbuzi zizipsa msanga pa mbaula, koma nyemba zimatuluka mwina zolimba, mwina phala lenileni. Ndizikonza bwanji ndiwo za sabata?"

Mayi, ndikukhulupirira kuti vuto lagona pa kawerengedwe ka nthawi. Mu poto wamba madzi amawira pa madigiri pafupifupi 100 ndipo sapitirira pamenepo ngakhale musonkhezere moto chotani, pomwe mu poto wotseka nthunzi amafika pafupifupi 120. Koma kutentha kumeneku sikufika mukangotereka poto, ndiye chifukwa chake mphindi ziyenera kuwerengedwa kuyambira pamene kachitsulo ka pachivindikiro kayamba kulira ndi kutulutsa nthunzi mwamphamvu.

Titenge Lachiwiri ngati tsiku la nyemba. M'mawa musananyamuke, sankhani theka la kilogalamu, muchotse miyala ndi zofumbwa, muviike m'madzi ambiri pamalo a mthunzi. Ndi kutentha kwa kunyanja kuno, makamaka mu Okutobala, madziwo mukhoza kuwapeza atachita thovu, choncho muwataye ndi kutsukuluza nyembazo. Thirani madzi atsopano opitirira nyemba ndi zala ziwiri, muonjezere supuni imodzi ya mafuta ophikira, amene amachepetsa thovu. Nyemba ndi madzi pamodzi zisadutse theka la poto, chifukwa thovu ndi makoko zikakwera zimatseka kabowo kotulukira nthunzi, ndipo ngozi zambiri za mapoto amenewa zimayambira pamenepo. Kilogalamu yathunthu mu poto wanuyo ndi yochuluka kwambiri.

Pa makala oyaka bwino poto amatenga mphindi 10 mpaka 15 kuti alire. Akalira, phulani makala ena kapena tsekani kachitseko ka mbaula kuti kulirako kukhale kwapang'onopang'ono, muwerenge mphindi 12 mpaka 15, kenaka mutereule poto ndi kumusiya osamutsegula kufikira nthunzi itatheratu yokha, zomwe zimatenga mphindi zina 10 mpaka 15. Nthawi yodikirayi ndiyo ndimaikonda kwambiri pa dongosolo lonse, popeza nyemba zimapitiriza kupsa poto ali pansi, mbaula n'kukhala yopanda kanthu. Terekani pomwepo madzi a nsima kapena a kondowole. Mukayatsa moto nthawi ya 5:30, banja likhoza kusamba m'manja 7 koloko isanakwane.

Tomato ndi anyezi muzikazinga padera, n'kusakaniza nyemba zitapsa kale, chifukwa kuwawasa kwa tomato kumachedwetsa kufewa. Mukapeza kuti khungu lasweka koma m'kati muli kanjere kolimba, kawirikawiri ndi nyemba zakale zimene zakhalitsa pamalo otentha ndi a chinyezi. Tsekaninso poto kwa mphindi 5 kuchokera pa kulira. Zikachita phala, ndiye kuti nthawi inapitirira, ndipo ulendo wotsatira muchotse mphindi 3. Thumba lililonse la nyemba lili ndi khalidwe lake, choncho ine ndimalemba pakhoma la khitchini mphindi zimene zagwira, kufikira thumbalo litatha.

Nyama ya mbuzi ndingaiike Lachinayi, ndipo siifuna kukonzekera m'mawa. Dulani kilogalamu imodzi m'nthuli zofanana, muikazinge mu poto yemweyo osavindikira mpaka ifiire, mupale zomatirira pansi ndi makapu awiri a madzi, kenaka mutseke. Madzi asachuluke monga mu poto wamba, pakuti satuluka ambiri, ndipo msuzi ungathe kukhala wamadzimadzi. Mphindi 25 mpaka 30 zimakwana, mbuzi yokalamba n'kufika 35. Nkhuku yachikuda imafuna pafupifupi 25, pomwe mang'ina a ng'ombe amafuna 45 mpaka ola, kotero amenewo asungireni Loweruka. Nyamanso muidikire nthunzi ithe yokha; mukaitulutsa mwachangu, msuzi umawira mwamphamvu ndipo nthuli zimauma.

Masiku otsalawo ndi a usipa, chambo kapena masamba, zomwe sizifuna poto ameneyu. Ngati muli ndi firiji ndipo magetsi sakuvuta, phikani nyemba maulendo awiri Lamulungu, musunge m'timabakuli kwa masiku atatu. Ngati mulibe, phikani za tsiku lomwelo, chifukwa nyemba zogona m'nyumba yotentha zimasasa msanga.

Musanatseke chivindikiro tsiku lililonse, chiyang'anitseni kowala muone ngati kabowo kali kotseguka, mukhudzenso mphira wa m'mphepete. Nthunzi ikamatulukira m'mbali poto osalira, ndiye kuti mphirayo wauma kapena wang'ambika, ndipo pogula wina tengani wakaleyo kusitolo kuti akupatseni wa muyeso wake.