Akakufunsani za p pa intavyu, musathamangire kunena kuti B wapambana

"Akulu, ndaitanidwa ku intavyu ya ntchito yosanthula deta kubungwe lina lobwereketsa alimi feteleza kuno ku Kasungu. Akuti amakonda kufunsa za kuyesa njira ziwiri ndi p. Kusukulu tinangoloweza kuti ikachepera 0.05 ndiye zatheka. Ndikonzekere bwanji?"

Achemwali, funsolo limabwera ngati nkhani. Adzati: tinatumiza mameseji awiri okumbutsa alimi kubweza ngongole. Meseji A inapita kwa alimi 1,000, ndipo 200 anabweza pasanathe sabata ziwiri. Meseji B inapita kwa alimi 1,000 ena, anabweza 230. Tisiye A?

Musanagwire kakyuleta, afunseni kuti alimiwo anawagawa motani. Ngati A inapita ku Santhe, B n'kupita ku Chamama, ndiye mwayerekeza madera. Mwina kwinako fodya anagulitsa msanga, anthu ali ndi ndalama m'thumba, meseji ina iliyonse akanabweza. Kugawa kuyenera kukhala kwa maere. Komanso alimi amatenga ngongole m'makalabu, amakumana, amaonetsana mafoni. Zikakhala choncho maerewo agwere kalabu yonse, ndipo kuwerengera kwake kumasintha, chifukwa anthu khumi a kalabu imodzi amakonda kuchita zofanana, sangawerengedwe ngati mboni khumi zosadziwana.

Tiyerekeze kuti akuyankhani kuti maere anachitika bwino, mlimi payekhapayekha. Mu pulogalamu yosanthulira deta ya R mulemba chonchi:

```
prop.test(c(230, 200), c(1000, 1000), correct = FALSE)
```

Pazotuluka muona `p-value = 0.1025`. Apa ndi pamene ambiri amaterereka. Wina amati pali mwayi wa 10 peresenti woti mameseji ndi ofanana, wina amati B ali ndi mwayi wa 90 peresenti wokhala wabwino. Onsewa alakwa. Tanthauzo lake ndi ili: mameseji akanakhala ofanana ndendende, n'kubwereza kuyesaku kambirimbiri, maere okha akanabweretsa kusiyana kwa alimi 30 kapena kuposa, mbali ina iliyonse, pafupifupi kamodzi pa maulendo khumi. Nambalayi imayamba ndi kungoyerekeza kuti palibe kusiyana, ndiye singatembenuke n'kukuuzani mwayi woti kuyerekezako n'koona. Chiganizo chimenechi muchiyeserere pakamwa mpaka chizituluka chosapunthwa.

Msampha wachiwiri uli pompo. Poti 0.10 yaposa 0.05, mudzafuna kunena kuti palibe kusiyana. Musatero. Lamulo la mu R lija likupatsaninso malire a 95 peresenti a kusiyana kwa B ndi A, kuyambira pa -0.6 kufika pa 6.6 peresenti. Ndiye kuti B atha kukhala wocheperako pang'ono, athanso kuwonjezera alimi oposa 6 pa 100 aliwonse, zomwe ndi ndalama zooneka kwa wobwereketsa. Yankho loona ndi lakuti alimi anachepa. Kuti kusiyana kwa 20 ndi 23 peresenti kukhale ndi mwayi wa 80 peresenti wogwidwa, pamafunika alimi pafupifupi 2,900 mbali iliyonse, ndipo chiwerengerochi chimakhazikitsidwa meseji yoyamba isanatumizidwe. Za 0.05 musazilemekeze ngati lamulo la Mose. Ndi chizolowezi chomwe katswiri wa ziwerengero Ronald Fisher anachitchukitsa cha m'ma 1925.

Kenako wofunsayo adzamwetulira n'kunena kuti: komatu titagawa deta, tapeza kuti kwa amayi osapitirira zaka 35 a ku Nkhamenya p ndi 0.03. Afunseni kuti anayesa magulu angati asanapeze limeneli. Akayesa magulu 20 osadalirana, mameseji ali ofanana, mwayi woti limodzi mwa iwo litsike pansi pa 0.05 ndi 1 - 0.95^20, pafupifupi 64 peresenti. Ukaponya mbedza kokwanira, china chake chimakola basi. Njira yachidule ndi ya Bonferroni: gawani 0.05 ndi 20, mupeza 0.0025, ndipo 0.03 uja sakufika. Gululo lingakhale poyambira kuyesa kwatsopano, osati nkhani yokauza bodi.

Tchimo lofanana nalo ndinalichitapo ine ndemwe pa ntchito yanga yoyamba. M'mawa uliwonse ndinkatsegula fayilo kuona p. Tsiku lina inatsika pansi pa 0.05, ndinathamangira kwa abwana kukanena kuti tapeza wopambana. Mwamwayi palibe anaimitsa mameseji, ndipo pofika kumapeto a mwezi kusiyana kuja kunali kutasungunuka. Kusuzumira tsiku ndi tsiku n'kuima pomwe nambala yakukomerani kumachulukitsa mwayi wonamizidwa kuposa 5 peresenti yomwe mumaganiza.

Akakukakamizani kuti musankhe lero lomwe, yankhani ngati munthu wodziwa ndalama. Ngati mameseji onse mtengo wake ndi umodzi, kutenga B sikuluzitsa kwambiri ngakhale mutalakwa, choncho mutengeni uku kuyesa kukupitirira. Koma ngati B akulonjeza kuchotsera mlimi K2,000 akabweza msanga, nenani kuti umboni ulipowu sukukwanira kulipirira zimenezo, ndipo mupemphe alimi 2,900 aja mbali iliyonse.