Kawerengedwe ka WACC ndi Msonkho Umene Chiwongoladzanja Chimapulumutsa

"Akuluakulu, ndithandizeni pa funso la mayeso ili. Kampani ili ndi masheya a K600 miliyoni ndi ngongole ya K400 miliyoni. Eni masheya akufuna phindu la 37 peresenti, banki ikulipiritsa 30 peresenti, ndipo msonkho ndi 30 peresenti. Ine WACC ndikupeza 34.2 koma yankho akuti ndi 30.6. Ndikuphonya pati, ndipo msonkhowu ukukhudziranji ngongole yokha?"

Achimwene, magawo a mpamba mwawapeza bwino, koma chiwongoladzanja mwachilowetsa chathunthu, pamene chimene chimafunika ndi chimene chimatsalira kampani kulipira tikachotsa msonkho umene chimapulumutsa. WACC ndi mtengo wapakati umene kampani imalipira pa mpamba wake wonse, masheya ndi ngongole pamodzi, ndipo kalembedwe kake ndi aka:

```
WACC = (E/V × Re) + (D/V × Rd × (1 − T))
V = E + D
```

Apa E ndi mtengo wa masheya onse, D ndi ngongole, Re ndi phindu limene eni masheya amayembekezera pachaka, Rd ndi chiwongoladzanja, ndipo T ndi mlingo wa msonkho wa pa phindu la kampani. Mpamba wonse ndi K1,000 miliyoni, choncho masheya ndi 0.6 ya mpambawo ndipo ngongole ndi 0.4. Mbali ya masheya ikupereka 0.6 kuchulukitsa ndi 37, zimene ndi 22.2. Ku mbali ya ngongole, yambani mwachulukitsa 30 ndi 0.7 kuti mupeze 21 peresenti, kenako muchulukitse 21 ndi 0.4, ndipo mupeza 8.4. Mukaphatikiza 22.2 ndi 8.4 mukupeza 30.6 peresenti. Inu munaphatikiza 22.2 ndi 12, ndipo 3.6 imene yasiyanitsa mayankho awiriwa ndiyo msonkho wopulumutsidwa uja.

Kuti 3.6 imeneyi isakhale nambala yongoloweza, tiyeni tiione m'makwacha. Tinene kuti kampaniyi yapanga phindu la K300 miliyoni pachaka isanalipire chiwongoladzanja ndi msonkho. Ikanakhala yopanda ngongole, msonkho wake ukanakhala K90 miliyoni, ndipo eni masheya akanatsala ndi K210 miliyoni. Koma popeza ili ndi ngongole ya K400 miliyoni, ilipira banki K120 miliyoni, ndipo lamulo la msonkho limalola kuti ndalama imeneyi ichotsedwe pa phindu msonkho usanawerengedwe, monga momwe amachotsera malipiro a antchito kapena lendi. Phindu lodulidwa msonkho litsika kufika pa K180 miliyoni, msonkho ukhala K54 miliyoni, ndipo eni masheya atsala ndi K126 miliyoni. Tsopano phatikizani zimene onse oika ndalama m'kampaniyi alandira: banki K120 miliyoni ndi eni masheya K126 miliyoni, zonse pamodzi K246 miliyoni, pamene popanda ngongole zinali K210 miliyoni. K36 miliyoni yowonjezerayo sinachokere ku malonda, koma ndi ndalama imene ikanapita ku MRA. Mukaigawa ndi mpamba wa K1,000 miliyoni mukupeza 3.6 peresenti yomwe ija.

Banki imalandirabe 30 peresenti yake yonse, ndipo palibe amene waichepetsera. Chimene chatsika ndi katundu amene kampani yasenza, chifukwa pa K120 miliyoni imene yatuluka, K36 miliyoni yabwerera kudzera mu msonkho wochepa, ndipo yotsala ndi K84 miliyoni, imene ndi 21 peresenti ya ngongoleyo. Masheya alibe mwayi wotere chifukwa gawo la phindu limene eni masheya amalandira limatengedwa pa ndalama zotsala msonkho utadulidwa kale. N'chifukwa chake (1 − T) saikidwa pa Re, ndipo saikidwanso pa masheya amene eni ake amalandira gawo lokhazikika pachaka, ngakhale kuti amaoneka ngati ngongole. Franco Modigliani ndi Merton Miller anasonyeza mu 1958 kuti, kukanakhala kopanda msonkho ndi zopinga zina za pamsika, kasakanizidwe ka ngongole ndi masheya sikakanasintha mtengo wa kampani, ndipo mu 1963 anakonza mfundo yawoyo poonjezerapo msonkho wopulumutsidwawu.

Pa mayeso mukhoza kulekezera pamenepa, koma pa ntchito yeniyeni funso loyamba ndi lakuti kodi kampaniyo ikulipiradi msonkho. Kuchulukitsa ndi (1 − T) kumatanthauza kuti pali phindu lokwanira kumeza chiwongoladzanja chonse. Phindu lija likanakhala K80 miliyoni m'malo mwa K300 miliyoni, msonkho umene kampani ikanalipira popanda ngongole ndi K24 miliyoni, ndipo imeneyo yokha ndiyo ingapulumutsidwe chaka chimenecho. K40 miliyoni yotsala ya chiwongoladzanja imasanduka kuluza kumene kumadikira kudzachotsedwa pa phindu la zaka zotsatira, ndipo pamene mitengo ya zinthu ikukwera mofulumira monga zakhalira kuno kwathu, ndalama yodzapulumutsidwa patapita zaka zitatu ndi yochepa mphamvu kwambiri poyerekeza ndi ya lero. Kampani imene yakhala ikuluza zaka zotsatizana, kapena imene inapatsidwa nthawi yosalipira msonkho, mtengo wa ngongole yake uli pafupi ndi 30 kusiyana ndi 21. Onaninso kuti malamulo a msonkho amaika malire pa chiwongoladzanja chimene chingachotsedwe ngati ngongole yachokera ku kampani yachibale, ndipo mbali imene yakanidwa sipulumutsa msonkho uliwonse.

Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri, ngakhale kwa anthu amene anamaliza maphunziro, ndi kuwerenga msonkho wopulumutsidwawu kawiri. Mukagwiritsa ntchito 30.6 peresenti pobweza ndalama za m'tsogolo ku mtengo wa lero, phindu la msonkho lalowa kale m'nambala imeneyo. Choncho ndalama zimene mukubwezazo ziwerengedwe ngati kuti kampani ilibe ngongole: musachotse chiwongoladzanja, ndipo msonkho ukhale K90 miliyoni uja, osati K54 miliyoni. Njira yodziwira kuti mwalakwitsa ndi yosavuta. Sinthani kukula kwa ngongole pa tebulo lanu la mawerengero, ndipo ngati ndalama za pachaka zasintha limodzi ndi WACC, ndiye kuti K36 miliyoni ija yalowa malo awiri, ndipo ntchito imene mukuiyesa ikuoneka yaphindu kuposa mmene ilili.

Pa E ndi D, tengani mtengo wa pamsika, osati wolembedwa m'mabuku a kampani. Kwa kampani imene ili pa msika wa masheya wa ku Blantyre, E ndi mtengo wa sheya imodzi lero kuchulukitsa ndi chiwerengero cha masheya onse. Tiyerekeze kuti mabuku a kampani yathuyi akusonyeza masheya a K250 miliyoni okha. Magawo akanakhala pafupifupi 0.385 ndi 0.615, ndipo WACC ikanatsika kufika pafupifupi 27.2 peresenti, zimene zikanachititsa kuti ntchito yobweza 29 peresenti ivomerezedwe pamene sikukwanitsa kulipira eni mpamba. Ngongole ya ku banki imene chiwongoladzanja chake chimasintha motsatira msika mungathe kuitenga pa mtengo wa m'mabuku, koma Rd ikhale imene kampani ingalipire itakongola lero, osati imene inagwirizana zaka zisanu zapitazo.

Poona 21 pambali pa 37, ena amaganiza kuti kuonjezera ngongole kuzingotsitsa WACC mpaka kalekale. Nambala ya 37 inayenerera kampani imene ngongole yake ndi 0.4 ya mpamba. Ngongole ikafika pa 0.7, eni masheya, amene amalandira pomaliza banki itatenga zake, afuna zoposa 37, ndipo nayo banki ikweza 30 wake poona kuti chiopsezo cha kulephera kubweza chakula. Choncho mukasintha magawo, muwerengenso Re ndi Rd musanazibwezere m'kalembedwe kaja.