Kusintha 0.363636... kukhala fulakishoni

"Abale ndithandizeni. Mwana wanga wapatsidwa samu yoti asinthe 0.363636... kukhala fulakishoni. Ine ndinamuuza kuti ndi 36/100 koma aphunzitsi athetha. Ndalakwitsa pati?"

Mayi, 36/100 yanuyo ndi 0.36 yothera pompo, pomwe ya mwanayo ili ndi mchira wosatha, 36 akungobwerezabwereza. N'zoyandikana ndithu, koma si nambala imodzi. Ndiye nzeru yake ndi kupeza njira yodulira mchirawo.

Nambalayo tiitche x. Manambala amene akubwerezedwa ndi awiri, 3 ndi 6, choncho tichulukitsa ndi 100 kuti kadontho kadumphe onse awiri:

100x = 36.363636...
x = 0.363636...

Tayang'anani kumanja kwa kadontho. Pamwamba ndi pansi pali mchira wofanana ndendende, ndiye mukachotsa yapansiyo ku yapamwamba, mchira wonse ukufafanizika. Kumanzere kwatsala 99x, kumanja kwatsala 36 yosalala. Apa x ndi 36/99, ndipo poti 9 amalowa mu 36 kanayi ndiponso mu 99 ka 11, yankho ndi 4/11.

Ana ambiri amagwa pochulukitsa ndi 10, chifukwa ndi amene anazolowera pa 0.333... pomwe nambala yobwerezedwa ndi imodzi yokha. Yesani muone: 10x ndi 3.636363..., mchira wake ukuyamba ndi 6 pomwe wa x ukuyamba ndi 3. Michira yasemphana, ndipo mukachotsera mupeza 3.272727..., mchira udakalipobe. Mukangoona zotere dziwani kuti mwasankha nambala yochulukitsira yolakwika. Akamabwerezedwa atatu, monga 0.123123..., ndi 1000, ndipo pansi pabwera 999.

Musanamuuze kuti walondola, agawe yekha 4 ndi 11 papepala, kakyuleta aisiye kaye. Mu 40, 11 alowa katatu, kutsala 7. Mu 70 alowa ka 6, kutsala 4. Taonani, 4 yemwe tinayamba naye uja wabweranso, ndiye kugawako kuyambiranso pomwe kunayambira. Apa m'pamene mwana amaona ndi maso ake chifukwa chimene 36 sakuthera.

Koma tsegulani kope lakelo muonetsetse mmene samuyo yalembedwera. M'mabuku ambiri salemba mchira wautali, amangoika timadontho pamwamba pa manambala obwerezedwa, ndipo pokopera pa bolodi kamodzi kamatha kusowa. Ngati tili pa 3 ndi pa 6, ndi ija tapangayi. Ngati kali pa 6 pokha, nambalayo ndi 0.3666..., samu ina imeneyo. Pamenepo 3 sakubwerezedwa, ndiye timayamba tamuchotsa panjira:

100x = 36.666...
10x = 3.666...

Michira yafanana, kuchotsera kutipatsa 90x = 33. Yankho ndi 33/90, ndipo mukagawa pamwamba ndi pansi ndi 3 mupeza 11/30, osati 4/11.