Pulagi imangopereka magetsi, siidina batani

"Ndaika pulagi yoyendetsa pafoni kuti kanema ndi dikoda aziyaka 18:00 n'kuzima 22:00. Kuzima akuzima, koma kanema sakuyaka yekha. Ndalakwitsa pati?"

Simunalakwitse, achimwene. Pulagiyo imangotsegula ndi kudula magetsi, pomwe makanema ambiri magetsi akabwera amangoyatsa kanyali kofiira n'kumadikira rimoti.

Yesani chonchi: kanema ali chiyakire, zulani chingwe chake pakhoma, dikirani mphindi imodzi, mubwezeretse. Akayaka yekha, basi, muzingomusiya woyaka kuti pulagi izimuzimitsa. Mukazimitsa ndi rimoti, mawa adzadikiranso rimotiyo. Akapanda kuyaka, fufuzani m'zosankha zake ngati muli poti aziyaka magetsi akangobwera. Ngati mulibe, gulani kachipangizo kolowa m'malo mwa rimoti, kotumiza chizindikiro chake pa nthawi imene mwaika.

Pa Schedule, poikira nthawi ya pulagi pafoni paja, ikani 17:55, chifukwa dikoda imatenga kanthawi kuti idzuke. Yanga ndinaichotsa papulagi nditaona kuti pulogalamu imene inkajambula yadukira pakati, ndiye ngati yanu imajambula, isiyeni pasoketi yakeyake.

Pulagi ikamatentha kapena kununkha chopserera, izuleni msanga, muitane katswiri wa zamagetsi aone soketiyo.